Anandikonzera akaunti ya Google Ads, patha miyezi itatu tsopano

Mayi amene anandikonzera akauntiyi ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5, imodzi yotsalayo ndifotokoza kumunsiku. Ndimagulitsa nsapato ndi zikwama pa intaneti ndipo akaunti ndinatsegula ndekha, kampeni imodzi, gulupu imodzi, makiwedi onse ndinangounjika momwemo, nsapato zothamangira, nsapato za kusukulu, zikwama za laputopu, mpaka dzina la bizinesi yanga. Ndalama zimatha daile koma mukanandifunsa kuti zapita pa chani ndikanangokuyang'anani.

Mayi amene anandithandizawa tsiku loyamba sanakhudze kalikonse, anangotsegula Search terms, lipoti la mawu omwe anthu amalemba pa Google adi yako nkutuluka, nkumayang'ana limodzi pa sikirini. Mpamene ndinaona kuti bajeti yambiri imadyedwa ndi anthu ongolemba kuti nsapato basi, amadina, nkutuluka osagula, pomwe zikwama za laputopu zomwe zimandipatsa phindu lenileni zimangotola nyenyeswa. Chinandiwawa kwambiri ndi choti munthu ofuna chikwama amaona adi yokamba za nsapato, chifukwa ma adi a mugulupu amatuluka pa makiwedi onse a mugulupu momwemo, ine izi sindimadziwa.

Anandiuza chinthu chimodzi chomwe ndachigwira mpaka pano, akuti "bambo, kampeni ndi ya ndalama, gulupu ndi ya nkhani". Bajeti, dera lomwe adi ionekere, zonsezi zimaikidwa pa kampeni. Gulupu ilibe bajeti yakeyake, imangosunga makiwedi ofanana ndi ma adi ake. Ndiye ngati chinthu ukufuna chikhale ndi ndalama zake zosalandidwa, chipatse kampeni. Ngati changosiyana mawu ndi peji yofikira, gulupu yakwana.

Ndiye anapanga makampeni atatu. Tinene bajeti yonse ndi 100 patsiku, nsapato anaika 50, zikwama 40, dzina la bizinesi 10. Ya dzinayi anaipatula dala chifukwa munthu olemba dzina lako amakudziwa kale, amagula mosavuta, ndiye ukamusakaniza ndi enawo lipoti limaoneka lokongola pomwe makiwedi enawo akungotaya ndalama. Dzinalo analiikanso pa Negative keywords, mawu omwe sukufuna adi itulukepo, m'makampeni awiri enawo kuti asamalimbirane. Mkati mwa kampeni ya nsapato muli magulupu awiri, zothamangira ndi za kusukulu, iliyonse makiwedi ochepa okamba chinthu chimodzi, mutu wa adi ukutchula chomwecho, linki ikupita pa peji ya nsapato zimenezo osati peji yoyamba ya webusaiti ngati kale.

Ine nditaona kukoma kwake ndinatengeka, ndinati bwanji mtundu uliwonse wa nsapato ukhale ndi kampeni yake, makampeni khumi kaya. Anakana ndithu ndipo apa mpomwe ndinawakhulupirira, chifukwa akanavomera akanandilipiritsa zambiri. Anati 100 ukaigawa pakhumi iliyonse ikhala ndi 10, makiliki ochepa, ogula ochepa, ndiye makina oika mabidi alibe pophunzirira ndipo iwenso sungadziwe chomwe chikuyenda.

Anandichenjezanso za bajeti ya patsiku kuti ndisadzidzimuke. Ija ndi avereji chabe, tsiku lina itha kudya mpaka kawiri, koma pamwezi sungalipire kupyola bajetiyo kuchulukitsa ndi 30.4. Kampeni ya zikwama ya 40 ija tsiku lina ndinapeza yadutsa 70, mtima unagunda, koma ndinakumbukira kuti malire ndi 80 patsiku, 1,216 pamwezi, ndipo mwezi utatha sinapyole.

Nyenyezi ija yachoka apa. Sanandiuze kuti makampeni atsopano amayambira pa ziro. Sabata yoyamba ndi masiku angapo pa bidi pamalembedwa Learning, kutanthauza kuti makina akuphunzirabe, maoda anatsika, ine tulo osabwera kuganiza kuti ndaononga chomwe chimayendako pang'ono, ndipo meseji yanga anayankha patapita masiku awiri. Akanangonena poyamba kuti musakhudze kanthu masiku amenewa bwenzi ndili phee. Chabwino nchoti kampeni yakale sanaifufute, anangoiimitsa, ndiye manambala akale ndimatha kuyerekeza ndi atsopano.

Pano Lolemba lililonse ndimatsegula, mizere itatu basi. Mwezi watha kampeni ya zikwama inalemba Limited by budget, kutanthauza kuti bajeti ikuperewera, pomwe ya nsapato simamaliza ndalama zake, ndinachotsa 10 ku nsapato nkuika ku zikwama, ndekha, osaimbira munthu. Nditayamba kugulitsa zikwama za paulendo sabata yathayi ndangotsegula gulupu yachiwiri mu kampeni ya zikwama momwemo, ndikuyang'anira Search terms ngati zikulandana makiliki ndi za laputopu.