Kiyi imodzi kapena makiyi awiri?

Tinene kuti ndinu wamalonda wa ku Ulongwe, mukufuna kutumiza nambala ya akaunti kwa wogula mbatata ku Tete, amene simunaonanepo. Kuti wakuba asauwerenge, uthengawo mumautseka ndi kiyi ya pakompyuta, ndipo njira zake zilipo ziwiri.

Kiyi imodzi, monga njira yotchedwa AES: imathamanga, koma nonse awiri mukhale nayo. Nanga mumpatsira pati? Mukaitumiza pa intaneti, wakuba akhoza kuikopera.

Makiyi awiri, monga njira yotchedwa RSA ya 1977: wogula amagawira aliyense kiyi yapoyera, mumatsekera uthenga, ndipo yotsegulira ndi yachinsinsi yokha, yosachoka mufoni mwake. Imachedwa, komanso mutsimikize kuti yapoyerayo ndi yakedi, apo ayi mutsekera tambwali.

Yoyamba imayenera odziwana kale. Osadziwana ayambe ndi yachiwiri kupatsirana kiyi imodzi ija, momwe HTTPS, yoteteza masamba a pa intaneti, imachitira.