Kabuku ka mafunso a opareting'i sisitemu: mmene ndakaonera chaka chonsechi

"Achimwene, kabuku ka mafunso osankha yankho kamene munagula ku Chikanda kaja kanakuthandizani? Pano akugulitsa K9,000, ndiye ndisanataye ndalama ndati ndifunse kaye."

Mng'ono wanga, ine ndinakagula K6,000 chaka chatha, ndipo kakhala m'chikwama changa kuyambira nthawi imeneyo. Mapepala ndi olimba, zilembo zimawerengeka, ngakhale mvula ya ku Zomba kuno sinakawononge. Mafunso ake ndi ofanana ndithu ndi amene timakumana nawo pa mayeso ku Chirunga.

Gawo la mapulosesi ndi mathiredi lilibe vuto. Limakuzoloweretsa kuti pulosesi ikapempha kuwerenga pa disiki imakadikira, ndipo ikamaliza kudikirako imabwerera pa mzere wa okonzeka, siilumphira pa pulosesa nthawi yomweyo. Za mathiredi limabwereza mpaka zimakhazikika m'mutu: mathiredi a pulosesi imodzi amagawana kodi, deta ndi mafayilo otsekula, koma iliyonse ili ndi sitaki yake ndi marejisita ake. Funso limene linandisangalatsa ndi ili:

```c
fork();
fork();
fork();
printf("moni\n");
```

Kabukuka kamalifunsa kawiri. Koyamba kakuti moni alembedwa kangati, yankho 8, poti `fork()` aliyense amachulukitsa mapulosesi kawiri. Kachiwiri kakuti mapulosesi atsopano ndi angati, yankho 7, poti kholo lija siliwerengedwa. Ndinaziyesa pa laputopu ya Linux, mizere inatuluka 8. Pamenepo wolemba anagwira ntchito, ndipo ndinkauza aliyense kuti agule.

Mavuto ali ku gawo la dediloko, makamaka ku mayankho a kumapeto kwa kabuku. Dediloko paja ndi pomwe mapulosesi amangana, aliyense wagwira chimene mnzake akufuna, ngati amayi awiri ofuna kusinja, wina wakumbatira mtondo wina munsi, ndipo palibe wolola kusiya chake. Mfundo zinayi zofunika kuti dediloko ichitike, zimene Coffman ndi anzake analemba mu 1971, kabukuka kamazitchula bwino: chipangizo chogwiritsa mmodzi pa nthawi, kugwira china uku ukudikira china, kusalandidwa mokakamiza, ndi kudikirana mozungulira. Koma funso likangofuna kuwerengera, mayankho amasochera, ndipo amasochera mofanana nthawi zonse.

Limene linatikanganitsa pa gulu lathu lowerengera limodzi ku Matawale linali lotere. Pali mapulosesi 3, iliyonse imafuna mapulinta osapitirira 3 kuti imalize ntchito. Kodi mapulinta ochepetsetsa oti dediloko isachitike ndi angati? A ndi 6, B ndi 7, C ndi 8, D ndi 9. Kumapeto kwa kabuku kwalembedwa D.

Yankho limeneli limakopa chifukwa 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, ndipo n'zoona kuti ndi mapulinta 9 palibe amene angadikire mnzake. Koma funso lati ochepetsetsa. Pofuna kupeza yankho, umayamba waganizira tsoka lalikulu limene lingagwe: pulosesi iliyonse yagwira mapulinta 2, yatsala ndi imodzi yokha kuti imalize. Onse pamodzi agwira 6. Ngati mapulinta alipo 6 okha, onse atatu aima, palibe womaliza, palibe wobweza. Ndiye A ndi msampha, ndiyo nambala yaikulu imene dediloko ingachitikebe. Tsopano onjeza pulinta imodzi. Pulosesi imodzi yaitenga, yakwanitsa 3, yamaliza, yabweza onse atatu. Otsala awiri aja aliyense amangofuna imodzi, ndiye onse adutsa. Yankho ndi B, 7. Mwachidule, mapulosesi akakhala n ndipo iliyonse ikufuna zosapitirira k, umawerengera `n(k-1)+1`.

Usiku umenewo mnzathu wina anaumirira kuti cholembedwa m'buku sichinganame. Tinatenga zitsekerero za mabotolo kukhala mapulinta, makapu atatu kukhala mapulosesi, n'kuyala patebulo. Ataika yekha chitsekerero chachisanu ndi chiwiri m'kapu yoyamba n'kukhuthula zitatu zija pakati, anangoti zii. Chinandipweteka n'chakuti mnyamatayu anali ataloweza mayankho onse a kumapetowo, ndipo pa mayeso a pakati pa semesita anali atasankha kale yankho la mtundu womwewu n'kutaya malikisi. Ndalama ya kabuku anachita kutumiziridwa ndi mayi ake kuchokera ku Jali.

Titayamba kufufuza tinapeza matenda omwewo pa mafunso a chithunzi cha mapulosesi ndi zipangizo, chimene mivi yake imasonyeza amene wagwira chipangizo ndi amene akuchidikira. Kabukuka kamati mivi ikangozungulira n'kubwerera pomwe inayambira, dediloko yachitika basi. Zimenezo n'zoona pokhapokha ngati chipangizo cha mtundu uliwonse chili chimodzi chokha. Tiyerekeze kuti P1 wagwira sikana, imene ilipo imodzi, ndipo akufuna pulinta. P2 wagwira pulinta ndipo akufuna sikana. Mivi yazungulira. Koma ngati mapulinta alipo awiri ndipo yachiwiriyo ili ndi P3, amene sakudikira kanthu, P3 akamaliza abweza, P1 atenga, amaliza, asiya sikana, P2 naye adutsa. Choncho usanasankhe, werenga timadontho tili m'bokosi la chipangizo chilichonse, poti kadontho kalikonse ndi chipangizo chimodzi cha mtunduwo, ndipo yang'ana ngati pali pulosesi ya kunja kwa mzungulirowo imene yagwirako kadontho. Popanda kuzungulira palibe dediloko, koma kuzungulira pakokha si umboni wokwanira.

Chimodzimodzinso pa alugorizimu ya banki ya Dijkstra, yopewera dediloko. Mkhalidwe ukakhala wosatetezeka, kabukuka kamasankha yankho lakuti dediloko ichitika ndithu. Ayi. Kusatetezeka kumangotanthauza kuti sisitemu ilibe ndondomeko yotsimikizika yomalizira onse ngati aliyense atapempha zonse zimene ananena. Mwina sapempha zonse, ndipo ntchito n'kutha bwinobwino. Ukaona mayankho awiri oyandikana, lina lakuti "ichitika" lina lakuti "ikhoza kuchitika", apa lolondola ndi lachiwirilo. Wolemba mayankho a kabukuka amathamangira lotsimikiza kwambiri nthawi zonse, ndipo n'chizolowezi choipa chimene munthu amatengera osadziwa.

Ndinabwerera kwa bambo amene anandigulitsa kabukuka nditalemba zolakwikazo pa pepala. Ndinati, "Bambo, ana akulephera ndi mayankho awa, bwanji muike pepala ili kumapeto?" Anandilandira mwaulemu, koma anati iwo amangopanga fotokope, wolemba ndi wina amene anachoka kale ku Zomba. Za kubweza ndalama anakana, anati katundu anagwiritsidwa kale ntchito, ndipo pamenepo sindinalimbane nawo. Pepala langa analandira n'kulonjeza kuti alimata. Mwezi watha ndinadutsa pomwepo, ndinatsekula kabuku katsopano kali pa shelefu: funso la mapulinta lija likadali D, pepala langa mulibe, mtengo wokha ndiwo wakwera. Tsiku limenelo ndinakwiya moti ndikanakuuza kuti usayandikireko n'komwe.

Lero mtima watsika pang'ono, ndipo sindingakane kuti gawo la mapulosesi ndi mathiredi linandipatsa malikisi. Pa K6,000 ndinapindula. Koma K9,000 kupereka kwa munthu amene anauzidwa kuti katundu wake ali ndi chilema, iye n'kungokweza mtengo, ine ayi. Ubwere Loweruka udzatenge kanga, mayankho a dediloko ndinawakonza ndi cholembera chofiira. Ukafuna kako, fotokope ya masamba amenewa siingafike ngakhale theka la ndalama imeneyo.