Kabuku ka kamvekedwe ka mawu ndi mawu ake ojambula: ndemanga nditakagwiritsa ntchito milungu 6

Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota, ndipo ndikuwonjezera maphunziro anga ndili pa ntchito pomwepo. Pa phunziro la kamvekedwe ka mawu ndinkatsalira kwambiri. Ndinkatha kumva kuti liwu lakwera kapena latsika, koma akanena kuti phatikizo limodzi lili ndi liwu lotsetsereka, loyamba pamwamba n'kuthera pansi, sindinkadziwa kuti ndililembe bwanji. Mnzanga wina wa ku Salima ndiye anandilozera kwa mphunzitsi wina amene amagulitsa kabuku ka oyamba kumene pa nkhani imeneyi. Ndi kofotokopa, komangidwa ndi waya, ndipo mawu ojambula amakutumizirani pa foni mukalipira. Ndakamaliza konse pamodzi ndi ntchito zake. Ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kabuku konse kaima pa mfundo imodzi yokhudza toni, kutanthauza kukhala pamwamba kapena pansi kwa liwu pa phatikizo: liwu lotsetsereka si mtundu wina wa toni woima paokha. Ndi matoni awiri athyathyathya amene apanikizana pa phatikizo limodzi. Toni yapamwamba akuilemba H, yapansi L. Lotsika ndi HL, lokwera ndi LH, basi. Poyamba ndinaganiza kuti ndi njira chabe yofupikitsira kalembedwe. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kabukuka sikakuuzani kuti mungokhulupirira. Kamakupatsani mawu kuti mudzionere nokha matoni awiriwo akulekana.

Mutu wachiwiri ndiwo mtima wa kabukuka, ndipo uli pa Chimende, chilankhulo cha ku Sierra Leone chimene William Leben anachigwiritsa ntchito mu 1973 pofotokoza mfundo yomweyi. Akupatsani mawu atatu: mbû (kadzidzi), ngílà (galu) ndi félàmà (mphambano). Ntchito yanu ndi kulemba matoni pansi pa mawu aliwonse. Félàmà ali ndi maphatikizo atatu, loyamba pamwamba, awiri otsatirawo pansi. Ngílà ali ndi awiri, loyamba pamwamba, lachiwiri pansi. Mbû ali ndi limodzi lokha, ndipo liwu lake limatsetsereka kuchoka pamwamba kupita pansi. Mukawaika mondondozana mumaona kuti nyimbo yake ndi imodzi, H kenako L. Chimene chasiyana ndi malo okhalapo. Pamene maphatikizo achuluka, L amatambasuka n'kutenga otsalawo. Pamene phatikizo lili limodzi, H ndi L amakhalira mpando umodzi ngati anthu awiri m'minibasi ya ku Dwangwa, ndipo khutu limamva kutsetsereka.

Kajambulidwe kake ndi kameneka, matoni pa mzere wawo, maphatikizo pa mzere wawo, timizere tikuwalumikiza:

```
fe  la  ma       mbu
|   |  /         / \
H   L           H   L
```

Malamulo olumikizira ndi ochepa. Mumayambira kumanzere kupita kumanja, toni imodzi pa phatikizo limodzi. Matoni akatha maphatikizo adakalipo, toni yomaliza imafalikira pa otsalawo. Maphatikizo akatha matoni adakalipo, otsalawo amaunjikana pa phatikizo lomaliza. Timizereto sitiloledwa kupingasana. Kajambulidwe aka ndi kamene John Goldsmith anakakhazikitsa mu 1976, ndipo kabukuka kamatchula zimenezi m'mizere iwiri yokha n'kubwerera ku ntchito, zomwe ndinakondwera nazo.

Ntchito imene inandichotsa chikayiko ndi ya kachidutswa ka -ma, kamene m'Chimende kamatanthauza "pa" ndipo kalibe toni yakeyake. Akufunsani kuti mulosere chimene chichitike mukakaphatikiza kumapeto kwa mbû ndi kwa mbǎ (mpunga), amene liwu lake limakwera. Ine ndinalemba mbûma, poganiza kuti kutsetsereka kukhalabe pomwepo. Yankho lake ndi mbúmà. H watsala pa mbu, L wasamukira pa ma, kutsetsereka kwatha. Mbǎ naye amakhala mbàmá, L pa mba, H pa ma. Liwu lotsetserekalo likanakhala chinthu chimodzi chosagawika, theka lake silikanachoka n'kukakhala pa phatikizo lina. Ndinabwereza ntchito imeneyi ndi nyàhâ (mkazi), amene nyimbo yake ndi LHL pa maphatikizo awiri, ndipo ndinapeza ndekha nyàhámà ndisanatsegule tsamba la mayankho. Nyimbo ya LHL yomweyo ndi imene ili pa nìkílì (mtedza), toni iliyonse pa phatikizo lake.

Chichewa chathu chikubwera m'mutu womaliza, ndipo ndikanakonda chikanabwera msanga. Apa kabukuka kakuchenjeza bwino kuti musatenge malamulo a Chimende n'kuwakhuthulira pa Chichewa. Kwathu kuno mawu sasankha nyimbo imodzi yoti iyalidwe kuchokera kumanzere. H amakhala pa phatikizo lakelake, ndiye chifukwa chake mténgo wa m'nkhalango umasiyana ndi mtengo wa pa msika, ndipo khúngu la wosaona limasiyana ndi khungú la pa thupi. Nanga kutsetsereka kumachokera kuti? Kumachokera ku chizolowezi chathu chotalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene tikupumira. Tikanena "ndagula nsomba" n'kuima, nso amatalika, ngakhale polemba sitionetsa. Phatikizo lotalikalo lili ndi tizigawo tiwiri ta nthawi, timene akutitcha mamora, ndipo mora iliyonse imanyamula toni yake. Kabukuka kamakulembetsani lembo la liwulo kawiri: nsóomba. O woyamba ndi H, wachiwiri ndi L. Kutsika kumene ndinkalephera kulemba kuja ndi kumeneku. Chimodzimodzi mtéengo, njúuchi, mkáango.

Lokwera limachokera kwina. Mawu monga galú, nyumbá ndi nyanjá ali ndi H pa phatikizo lomaliza. Akakhala pothera pa chiganizo, H uja amabwerera m'mbuyo n'kukakhala pa mora yachiwiri ya phatikizo lotalika lija: gaálu, nyuúmba, nyaánja. Mora yoyamba ndi L, yachiwiri ndi H, ndipo khutu limamva kukwera. Umboni wake mungauyese pompano. Nenani "galu" n'kuima, kenako nenani "galuyo". Pa galuyo, ga wafupika ndipo ali pansi, kukwera kwatha, H wabwerera pa lu, ndipo poti lu ndiye wakhala wachiwiri kuchokera kumapeto, watalika n'kutsetserekera pansi: galúuyo. H ndi mmodzi yemweyo, koma pa mawu ena wabereka lokwera, pa ena lotsika. Ntchito iyi ndinaiyesa ndi ana a Fomu 3. Ndinawauza kuti atseke pakamwa n'kung'ung'udza mawuwo popanda kuwatchula, monga kabukuka kamalangizira, dzanja likukwera ndi kutsika motsatira liwu. Pa khúngu ndi khungú kalasi lonse linagwirizana msanga. Pa nyanja panali mkangano, chifukwa ana ena ochokera madera ena samatsitsa phatikizo lomaliza ngati ife a kuno.

Mkangano umenewo ndiwo unandionetsa vuto loyamba la kabukuka. Zolembedwazo zikutsata katchulidwe konga ka kuno ku Nkhotakota, kamene Jonni Kanerva anakafotokoza mu 1990, koma amene anajambulidwa mawu satchula motero nthawi zonse. Pa mawu angapo tsamba likuti gaálu, pamene m'foni mukumva lu adakali pamwamba. Palibe amene walakwa, ndi kusiyana kwa madera, koma kabukuka sikanena kanthu pa zimenezi. Woyamba kumene angaganize kuti khutu lake ndi limene lili ndi vuto. Ndime imodzi yochenjeza ikanakwana.

Lachiwiri ndi kafotokopedwe. Chizindikiro cha lotsika ndi kadenga (â), cha lokwera ndi kadenga kozondoka (ǎ). Pa masamba ena inki inali yochepa, ndipo ziwirizi zimangooneka ngati kadontho. Pa phunziro limene zonse zadalira tizizindikiro timeneti, limeneli si vuto laling'ono. Ndinatha madzulo athunthu ndikulimbana ndi ntchito ina chifukwa ndinawerenga mbǎ ngati mbâ. Nditadandaula, ogulitsawo ananditumizira zithunzi zooneka bwino za masambawo tsiku lomwelo, ndipo pa chimenecho ndiwayamikira. Ngati mukugula, tsegulani mutu wachiwiri pomwepo muone ngati madengawo akuoneka musanapereke ndalama. Mawu a Chimende nawonso sanajambulidwe, ndi a Chichewa okha, choncho pa mutu wachiwiri wonse mumagwira ntchito ndi maso.

Chinanso chimene ndikanakonda kuti chikulitsidwe ndi malire a mfundoyi. Kuwerenga kabukuka mwachangu kungakusiyeni mukuganiza kuti liwu lotsetsereka lililonse pa dziko lapansi limagawika chonchi. Akutchula m'mzere umodzi wokha kuti m'zilankhulo zina za ku Asia, monga za ku China, akatswiri ena amaona kuti lotsetsereka limayenda lonse ngati chinthu chimodzi. Pamenepa ndi pamene wophunzira akanazindikira kuti kugawa kumafuna umboni, monga wa mbúmà kapena galúuyo, ndipo kuti pa chilankhulo chatsopano uyenera kufunafuna malo amene theka limodzi lasuntha kapena lazimirira linzake n'kutsala.

Ntchito zonse zili ndi mayankho kumapeto, ndipo zimakwera pang'onopang'ono: kumva, kulemba H ndi L, kujambula timizere, kenako kulosera. Cholakwika ndinapeza chimodzi chokha m'mayankhowo, pamene timizere ta nyàhâ tinajambulidwa mopingasana, chinthu chimene kabuku komweko kakuletsa. Gwiritsani ntchito pensulo, chifukwa mudzafufuta kambiri, ndipo mawu ojambulawo mverani ndi zomvera za m'khutu pamalo opanda phokoso. Ine ndinkamvera m'mamawa ana asanadzuke, mphindi 30 pa tsiku, ndipo mutu uliwonse unkanditengera pafupifupi mlungu umodzi.

Ngati ndinu wophunzira wa ku koleji amene mwangoyamba za matoni, kapena mphunzitsi wa Chichewa amene mukufuna kuwafotokozera ana chifukwa chake mténgo ndi mtengo zimamveka mosiyana, kaguleni. Ngati mukufuna za matoni a aneni, monga mmene nthawi ya mneni imasunthira H, mulibemo. Ndawapempha ogulitsawo kuti akamasindikizanso adzajambule mawu a anthu awiri, wina wa kuno kunyanja, wina wa ku Ntcheu, ndipo ndawauza kuti wa kunoyo ndikhoza kuwapezera.