Kamera izungulire botolo kapena ingoyandikira? Ndayesa zonse ziwiri

Mchemwali wanga amagulitsa mafuta odzola a malambe ku Limbe, ndiye anandipempha kavidiyo ka pa sitetasi, masekondi 5 basi. Ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya AI yopanga mavidiyo, n'kuilembera mapulomputi awiri a botolo lomwelo lagalasi, kutanthauza mawu oiuza zoti ijambule.

Yoyamba:

```
luxury skincare ad, cinematic lighting, camera orbits bottle, black marble
```

Yachiwiri:

```
amber glass bottle on wooden stool, soft window light from behind left, slow push-in, blurred red brick wall
```

Yoyambayi ukangoiona umati eee zatheka, kunyezimira ngati malonda a pa TV. Koma taimitsani pakati muone. Kamera ikamazungulira, pulogalamu imayenera kupeka mbali zonse za botolo, ndiye lebulo imayamba kusungunuka, zilembo kusanduka tizinthu tosawerengeka, chivindikiro chija mwina chatalika mwina chafupika. Yachiwiri kamera imangoyandikira pang'onopang'ono kuchokera mbali imodzi, zopeka ndi zochepa, botolo limakhala lomwelo mpaka kumapeto. Masekondi 5 kamera iyende kamodzi kokha, mukaiuza kuti izungulire kenako ikwere m'mwamba imasokoneza zonse.

Koma pomwe ndinakondera yachiwiri kwambiri ndi pa kuwala. Mawu oti `cinematic` sanena kuti kuwala kukuchokera kuti, ndiye makina amasankha okha, ine anandipatsa mdima wambiri ndi botolo lakuda bii ngati la mankhwala a chifuwa. Mafuta a malambe ndi achikasu ngati uchi, ndipo mtunduwo umaoneka kuwala kukadutsa m'botolo kuchokera kumbuyo, ngati mwaliika pawindo m'mawa. Nenani mbali, nenani kuti kofewa kapena kowala kwambiri, nenani nthawi.

Pakhungu mpomwe mtima unandipweteka. Nditaonjezera dzanja la mayi akudzola, linabwera loyererako komanso losalala ngati pulasitiki, anthu angamati mchemwali wangayo akugulitsa zoyeretsa khungu. Ndinakonza polemba `deep brown skin, visible pores` ndi kuwala kofewa kwa chammbali, khungu lathu limaoneka bwino kuwala kukamatsetsereka pamwamba pake osati kuliwomba kutsogolo. Zala muziwerenge, nthawi zina zimalumikizana.

Za malo, musalembe Blantyre mukuyembekeza phiri la Ndirande, dzina lokha silikwanira ndipo ku Scotland kulinso Blantyre. Tchulani zinthu zooneka, khonde, khoma la njerwa, chitenje pampando. Mwala wakuda wa mu pulomputi yoyamba uja ngokongola inde, koma kasitomala wa ku Chilomoni saona bafa lake pamenepo.

Kuzungulira kuli ndi malo ake, ngati botolo lilibe lebulo kapena mukujambula dontho la mafuta lokha. Ife tinatenga yachiwiri, ndipo dzina la mafuta ndinachita kuliika pambuyo mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, poti zilembo ngakhale pa yachiwiriyo sizinatuluke zolongosoka.