Nyimbo ikamangoima yokha: mutontholetse wosokoneza, musinthe choimbira, kapena zilire zonse?

Pa foni ya Android mapulogalamu salankhula chisawawa. Yomwe ikufuna kutulutsa mawu imayamba yapempha mpata, ndipo imapempha mwa njira zikuluzikulu zitatu: kulanda mpatawo kotheratu, kubwereka kwa kanthawi, kapena kubwereka uku ikulola inzake kupitiriza chapansipansi. Khutu lokha likhoza kukuuzani yomwe yachitika. Nyimbo ikatsika mawu pamene pulogalamu ya mapu ikunena kuti mukhotere kumanzere, kenako n'kukweranso, ndiye njira yachitatu. Ikaima foni ikamalira n'kuyambiranso mukamaliza kulankhula, mpata unangobwerekedwa. Koma ikaima osabwereranso chifukwa kavidiyo kayamba kokha pamene mukuyendetsa chala pa tsamba la mchezo, dziwani kuti walandidwa, ndipo choimbira chanu chikudikira kuti mudinenso nokha.

Pa njira zothetsera vutoli, ine ndimayamba ndi kutontholetsa wosokonezayo. Zimitsani zoti mavidiyo aziyamba okha kapena azilira okha, ndipo mauthenga a pulogalamu yaphokosoyo muwaike pa Silent. Izi zimatheka pafupifupi pa foni iliyonse. Kuipa kwake n'koti mumayenera kusaka wolakwayo mmodzimmodzi.

Kusintha choimbira kumathandiza makamaka ngati mpata ukungobwerekedwa. Mwachitsanzo AntennaPod, pulogalamu yomvera ma podcast, ili ndi poti musankhe kuti iziima kapena izingotsitsa mawu. Apa musathamangire kutsitsa. Pa nyimbo palibe chotayika, koma pa nkhani yolankhulidwa mawu awiri akaphatikizana mumaphonya chiganizo chonse. N'chifukwa chake kuyambira pa Android 8.0, foni imatsitsa yokha mawu a nyimbo koma siichita zimenezi pa zolankhula. Imasiyira pulogalamuyo kuti iime. Ndipo kuyambira pa Android 12, yomwe inatuluka mu 2021, choimbira chokakamira mpata utalandidwa foni imachizimitsa mawu pang'onopang'ono.

A mafoni a Samsung ali ndi mwayi wina. Separate app sound imatumiza pulogalamu imodzi ku sipika ya Bluetooth, zina zonse n'kumalira pa foni, choncho popanda chipangizo chachiwiri siikuthandizani. Multi sound, ya mu pulogalamu ya Samsung yotchedwa Sound Assistant, imalola pulogalamu yomwe mwasankha kulira limodzi ndi zinzake pa sipika imodzi. Ndi yabwino poika nyimbo pansi pa gemu, koma vidiyo ndi nyimbo zikalira pamodzi ndi chisokonezo chokhachokha.

Pa iPhone zosankha n'zochepa: wolemba pulogalamu ndiye amakonzeratu ngati mawu ake azisakanikirana ndi ena, aziwatsitsa kapena aziwadula, ndiye inu mumangotsala ndi kutontholetsa wosokoneza.

Nyimbo ikamaima popanda china chilichonse cholira, makamaka sikirini ikangozima, musavutike ndi zonsezi. Kawirikawiri ndi chosungira batire chomwe chikutseka choimbiracho, ndipo pa App info, pansi pa batire, muchiike pa Unrestricted.