Dayale, kalendala ya pafoni kapena kope: chodalirika n'chiti moto ndi deta zikamavuta?

Anthu ambiri amene amasiya kalendala ya pafoni n'kubwerera ku pepala amanena kuti imawathera deta. Pamenepo ndiye sindigwirizana nawo. Kalendala siyifuna intaneti kuti mulembemo tsiku la msonkhano, ndipo siyifuna intaneti kuti ikukumbutseni nthawi ikakwana. Zimene mwalemba zimakhala m'foni momwemo, ndipo chimene chimachititsa kuti chikumbutso chilire ndi wotchi ya foniyo. Mukhoza kuyesa nokha: ikani foni pa Airplane mode, lembani chinthu choti chichitike pakatha mphindi 10, muone ngati silira. Deta imangofunika potumiza zimene mwalembazo ku akaunti yanu, ndipo poti ndi mawu okhaokha opanda zithunzi, imapita yochepa kwambiri. Chimene chimamaliza bandulo ndi zina zimene zimadzuka mukangoyatsa deta: mapulogalamu ofuna kudzikonzanso, zithunzi zokwera ku intaneti, mavidiyo otsika okha m'magulu.

Vuto lenileni la foni ndi moto. Foni yozima siyikumbutsa munthu, ndiponso simungaone n'komwe zimene munalemba. Pali mafoni ena amene amadzuka okha kuti alize alamu ngakhale ali ozima, koma ambiri satero, ndipo chikumbutso cha m'kalendala chokha musachiyembekezere pa foni yozima. Choncho funso loyenera kudzifunsa si lakuti muli ndi deta yochuluka bwanji. Dzifunseni kuti pa tsiku wamba foni yanu imakhala yozima maola angati, komanso maola ake ati. Ngati imafa madzulo inu mutamaliza kale zochita, palibe chodandaula. Ngati imafa masana, kapena imagona kotchajitsa kutali ndi inu, ndiye kuti simungaisungitse chilichonse chimene chingakuvulazeni mukachiphonya.

Tiyerekeze mayi wina ndi telala. Ali ndi zinthu zinayi zoti asaiwale. Makasitomala amabwera ndi nsalu, iye amatenga miyezo, amalandira ndalama yoyambira n'kulonjeza tsiku lodzatenga chovala. Ali ndi ngongole ya makina imene amabweza pa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse. Mwana wake akufunika kukaonedwanso kuchipatala pakatha miyezi itatu. Ndiye pali msonkhano wa gulu lawo Lachinayi lililonse. Foni yake imafika cha m'ma 3 koloko masana ili kale pa mzere wofiira.

Tiyambe ndi dayale, imene masamba ake amabwera atadindidwa kale madeti. Pa tsiku la kuchipatala lija imagwira bwino ntchito: atsegula tsamba la mwezi wachitatu kutsogoloko, alemba, basi. Kasitomala akafunsa ngati diresi lingatheke pofika Loweruka, iye amangoyang'ana masamba a sabatayo n'kuona kuti Lachisanu ladzaza kale. Apa dayale yoonetsa sabata yonse pa masamba awiri oyang'anizana imaposa ija ya tsamba limodzi pa tsiku, chifukwa kupanikizika kwa ntchito kumaoneka ndi diso limodzi. Ya tsamba pa tsiku imabisa mawa kuseri kwa pepala, ndipo ndi yolemera kunyamula poti masamba ake amapitirira 300.

Koma dayale imagawa malo mofanana ngati kuti masiku onse ndi ofanana. Lolemba kwabwera makasitomala asanu ndi mmodzi, aliyense ndi miyezo yake ya chifuwa, chiuno, mapewa ndi kutalika, ndipo kabokosi ka Lolemba kadzaza pa munthu wachiwiri. Lachitatu sikunabwere munthu, malo angokhala. Choipa kwambiri n'chakuti zinthu zimasungidwa potsata tsiku, pamene munthu amazifuna potsata dzina. Kasitomala akabweranso patatha miyezi isanu n'kunena kuti "miyezo yanga muli nayo kale," mayi uja ayenera kukumbukira deti limene anabwera, apo ayi avundukule tsamba ndi tsamba. Msonkhano wa Lachinayi nawo uyenera kulembedwa ndi dzanja ka 52 pa chaka. Ndipo dayale imatha ndi chaka chake. Mukaigula mu Juni mwalipira masamba a miyezi isanu amene simudzalembapo.

Foni imapambana pomwe dayale ikulephera. Msonkhano wa Lachinayi mumaulemba kamodzi, n'kusankha kuti uzibwerezedwa sabata iliyonse. Dzina la kasitomala mumalifufuza polemba zilembo zochepa. Ndipo pa zitatuzi ndi foni yokha imene imakuitanani. Pepala limadikira kuti inu mulitsegule.

Pali misampha itatu imene ndikufuna aliyense wodalira foni aidziwe, chifukwa yonse imagwira mwakachetechete. Woyamba uli pa ngongole ija. Mayi akalemba pa 31 Januwale n'kusankha kuti zizibwerezedwa mwezi uliwonse pa 31, makalendala ambiri, kuphatikizapo Google Calendar, amangodumpha miyezi imene ilibe tsiku la 31. Ndiye kuti mu Febuluwale, Epulo, Juni, Sepitembala ndi Novembala foni idzakhala chete. Njira yake ndi kuika chikumbutsocho pa 28, tsiku limene limapezeka m'mwezi uliwonse, ndipo zimamupatsanso mpata wosonkhanitsa ndalamazo.

Msampha wachiwiri umabwera ndi chinthu chomwe timayatsa populumutsa batire. Battery Saver imagoneka mapulogalamu amene simukuwagwiritsa ntchito, ndipo pa mafoni ena chikumbutso cha kalendala chimafika mochedwa, mwina n'kudzatulukira pamene mwayatsa sikirini nthawi itapita kale. Mukaona zikumbutso zikubwera pamodzi mukangogwira foni, dziwani kuti ndi zimenezi. Alamu ya mu pulogalamu ya wotchi imaloledwa kulira ngakhale foni ili m'tulo totere, choncho chinthu chofunika kwambiri cha mawa chiikeni pa alamu usiku wake, osati pa kalendala pokha.

Wachitatu ndi wopweteka kuposa onsewa. Polemba chinthu chatsopano, foni imakhala ndi malo osonyeza kumene chisungidwe: mu akaunti yanu, kapena m'foni mokha. Zosungidwa m'foni mokha zimapita ndi foniyo ikabedwa kapena ikagwera m'madzi. Zosungidwa mu akaunti nazo sizinapulumuke mpaka foni italumikizana ndi intaneti n'kuzitumiza. Munthu amene amakhala ndi deta yozima, kapena amene anayatsa Data Saver, akhoza kukhala milungu akuganiza kuti zonse zili bwino pamene palibe chimene chachoka m'foni. Kamodzi pa sabata yatsani deta kwa mphindi zochepa, tsegulani kalendala, dinani Refresh. Mukapeza mpata wolowa mu akaunti yanu pa chipangizo china, onani ngati chimene munalemba dzulo chikuoneka kumeneko. Ndiponso pasiwedi ya akauntiyo muziidziwa pamtima, chifukwa popanda iyo zosungidwazo simudzazifikira.

Za moto, kalendala payokha siyidya batire yambiri. Chimene chimadya ndi sikirini. Kulemba miyezo ya munthu mmodzi pa kiyibodi yaing'ono, kasitomala ali chiimire, tepi ili m'dzanja lina, kumatenga nthawi sikirini ikuyaka. Ndipo tonse tikudziwa kuti munthu akatsegula foni kuti aone deti amapezeka akuyankha mauthenga. Amene ali ndi kafoni ka mabatani ali ndi mwayi pano, chifukwa batire yake imakhala masiku angapo ndipo kalendala ndi alamu zilimo. Angosamala chimodzi: ena mwa mafoni amenewa amataya deti ndi nthawi batire ikachotsedwa, ndiye zikumbutso zonse zimasokonekera mpaka mutakonzanso wotchi.

Tsopano kope wamba. Ine mtima wanga uli kumeneku, koma ndinene poyera kuti kope lopanda dongosolo ndi loipa kuposa zina ziwirizi. Limangomeza zinthu. Tsiku la kuchipatala likalembedwa pakati pa miyezo ya anthu pa tsamba la lero, pakatha miyezi itatu lidzakhala litakwiririka pansi pa masamba ambirimbiri ndipo palibe chidzalikumbutse. Kope lilibe malo a zam'tsogolo pokhapokha inu mutawapanga.

Kupanga kwake ndi ntchito ya madzulo amodzi. Lembani manambala pa ngodya ya tsamba lililonse. Masamba awiri oyamba asiyeni kuti akhale mlozera: dzina la kasitomala ndi nambala ya tsamba pamene pali miyezo yake. Masamba anayi otsatira agaweni ndi mizere, miyezi itatu pa tsamba, kuti chaka chonse chikwane. M'menemo ndi molowa tsiku la kuchipatala ndi malonjezo onse akutali. Mwezi ukamayamba, tengani tsamba latsopano, lembani madeti kutsika m'mphepete kuyambira 1 mpaka tsiku lomaliza, mzere umodzi pa tsiku, ndi chilembo cha dzina la tsikulo pambali. Kenaka koperani zonse za mwezi umenewo kuchoka kutsogolo kuja. Masamba otsalawo ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo Lolemba lotanganidwa lija likhoza kutenga masamba atatu pamene Lachitatu latenga mzere umodzi.

Pamene dongosololi limagwera ndi pa kukopera kwa kumayambiriro kwa mwezi. Mukadumpha kamodzi, zonse za mwezi umenewo zimatsala kutsogolo osazionanso. N'chifukwa chake chikumbutso choyamba chimene ndingaike m'foni ndi cha pa 1 mwezi uliwonse, chonena kuti "konza tsamba la mwezi". Komanso kope likatayika latayika, ngati dayale. Kujambula ndi foni masamba a miyezi aja ndi mlozera kamodzi pa sabata sikufuna deta, ndipo kumakupatsani pogwira. Lembani ndi bolopeni kapena pensulo, chifukwa inki yamadzimadzi imafalikira pepala likanyowa.

Kwa telala uja ndingasankhe motere. Kope likhale mwini nkhani: miyezo, ndalama zoyambira, masiku olonjeza, zonse zilowe m'menemo poyamba. Foni isunge zochepa zimene ziyenera kumuitana, monga ngongole pa 28, tsamba la mwezi pa 1, ndi tsiku la kuchipatala, chikumbutso chake chilire kutatsala tsiku limodzi, m'mawa batire ikadali ndi mphamvu, osati madzulo itafa kale. Msonkhano wa Lachinayi sufunika kuulemba kawirikawiri. Mzere umodzi pa tsamba la mwezi ukwanira. Tsiku likasintha, asinthe m'kope kaye kenaka m'foni, chifukwa malo awiri akayamba kunena zosiyana munthu amasiya kukhulupirira onse.

Dayale ndingaipereke kwa munthu wina: amene tsiku lake ndi la maola okhaokha, wakuti 9 koloko akumana ndi uyu, 11 koloko ali kwina, ndipo zolemba zake ndi zazifupi. Kwa ameneyo madeti odindidwa kale amamupulumutsa ku ntchito yojambula mizere, ndipo ngati akudzidziwa kuti tsamba la mwezi sadzalikonza, bola agule dayale ya sabata pa masamba awiri chaka chisanayambe. Foni yokha popanda pepala ndingaivomereze kwa amene amatchaja usiku uliwonse mosaphonya ndipo waonapo ndi maso ake kuti zolemba zake zikufika mu akaunti.