Kalupa ka gitala patatha miyezi 9: mabala 12 amalowa, koma mukamathamanga

"Achimwene, kalupa kaja munagula kakugwirabe? Ndikufuna kuphunzira nyimbo za roko ndiye wina wandiuza kuti ndiyambe ndi bulusi ya mabala 12. Zikukhudzana pati? Ndigule nanenso?"

Kakugwira, aphwanga, ngakhale sabata yatha ndinatsala pang'ono kukaponya pawindo. Kwa amene simukadziwa, kalupa ndi kachipangizo koponda ndi phazi komwe kamajambula zomwe mwaimba pa gitala n'kumazibwereza mosalekeza. Ndiyambe ndi zabwino chifukwa ndi zachidule. Batani lopondera silinafookebe ngakhale ndimaliponda tsiku ndi tsiku. Mawu amatuluka monga analowera, popanda phokoso lowonjezera. Mukajambula gitala yoyamba n'kuika ina pamwamba, ya pansi siisokonekera. Magetsi akathima zonse zimafufutika, koma zimenezo ndinazolowera.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti kachinthu kameneka kandiphunzitsa zomwe ndinalephera kuzimva zaka zonse ndikuimba gitala kutchalitchi. Usiku woyamba ndinajambula mabala 12 mu kiyi ya A. Bala pano si chilonda ayi, ndi mabiti anayi, aja timawerenga kuti wani, thu, fili, folo. Ndondomeko yake ndi iyi, chilembo chilichonse chikuimira bala limodzi:

```
A A A A
D D A A
E D A A
```

Makodi ndi atatu basi, omwe aja oimba kiyibodi kutchalitchi amakuwa kuti wani, folo, faifi. Mu A ndi A, D ndi E. Ndinasiya kalupa kakuzungulira, ine n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo zakale zomwe ndimazidziwa. "Hound Dog", yomwe Big Mama Thornton anajambula mu 1952 ndipo Elvis Presley anaibwereza mu 1956, inakhala pamenepo ngati chivindikiro pa poto wake. Mavesi a "Can't Buy Me Love" ya Beatles ya mu 1964 analowanso, ngakhale kolasi yake imachoka n'kupita ku makodi ena. Ndinangofunika kusintha kiyi ndi liwiro. Ndinagona mochedwa tsiku limenelo, mayi a kunyumba akudandaula.

Chifukwa chake si matsenga. Roko inabadwira m'nyimbo za anthu akuda a ku America, ndipo mabala 12 anali atakhazikika kale ndithu roko isanatchulidwe dzina. W. C. Handy anasindikiza "St. Louis Blues" mu 1914 muli kale ndondomeko imeneyi. Oimba piyano a bugiwugi anaithamangitsa kuti anthu avine, magulu a m'ma 1940 anawonjezera ng'oma ndi malipenga, ndipo pomwe Chuck Berry ankatulutsa "Johnny B. Goode" mu 1958 anali akuyenda m'njira yolambulidwa kale. Anyamata a ku Britain a m'ma 1960 anaphunzira gitala potsanzira zimbale zimenezi, ndiye anatengera mafupa ake omwe.

Koma mbiri payokha sikanaisunga. Imakhalitsa chifukwa imagwira ntchito. Onani mizere itatu ija. Woimba amanena mawu pa mzere woyamba, amawabwereza pa wachiwiri pomwe kodi yasintha kupita ku D, ndiye mawu omwewo amamveka ngati akuwatsindika. Pa mzere wachitatu, pomwe E wafika, m'pamene amapereka yankho. Komanso mawu a mzere uliwonse amatha pafupifupi mabala awiri, awiri otsalawo ndi mpata woti gitala iyankhe. Ife amene tinakulira nyimbo za wotsogolera ndi ovomera sitifunika kutiuza kawiri. Ndi kalupa ndimachita zenizenizo: ndimaimba mabala awiri ndi pakamwa, n'kuyankha awiri ndi zala.

Pa gitala penipenipo ndiye zala sizivutika n'komwe. Pa A, imbani nsambo yachisanu osaigwira, pamodzi ndi yachinayi pa fureti 2, kawiri, kenako yachinayiyo pa fureti 4, kawiri, n'kubwerera. Pofika pa D, tsitsani zonsezo nsambo imodzi: yachinayi yosagwira, yachitatu pa 2 ndi 4. Pa E kwerani: yachisanu ndi chimodzi yosagwira, yachisanu pa 2 ndi 4. Kagwiridwe n'kamodzi, mukungosamutsa dzanja. Mukamenya motsimphina, kutalikitsa koyamba n'kufupikitsa kwachiwiri, ndi shafulo ndipo imamveka bulusi. Mukamenya mofanana n'kuthamanga, yasanduka roko. Makodi sanasinthe ngakhale imodzi.

Kalupa sikanama, ndipo apa kanandichititsa manyazi. Mlungu woyamba ndinkajambula mabala 11 osadziwa. Mabala anayi a A oyambirira aja amatopetsa, dzanja limathamangira ku D lisanakwane lachinayi. Mukakhala nokha simuzindikira. Ena mwa akuluakulu a bulusi oimba okha, monga Lightnin' Hopkins, ankatalikitsa kapena kufupikitsa mabala mwadala potsata mawu, koma mukakhala ndi woimba besi ndi ng'oma zimenezo ndi ngozi. Chizindikiro chake pa kalupa n'chakuti mukaimba vesi pamwamba, mawu a mzere wachiwiri amafika D atayamba kale.

Mankhwala ake ndi kusintha kumene oimba ambiri amachita: kuika D pa bala lachiwiri n'kubwerera ku A, kuti mzere woyamba ukhale A D A A. Simusocheranso. Kusintha kwina kuli pa bala lomaliza, kuika E m'malo mwa A kuti khutu lidziwe kuti tikubwerera kumayambiriro. Pa kalupa bala limeneli limathandiza kwambiri chifukwa limakuuzani nthawi yopondera. Ena amakhala pa E mabala onse awiri, la 9 ndi la 10, osatsikira ku D, monga mu "Rock Around the Clock" ya Bill Haley ya mu 1954. Ena gulu lonse limamenya kamodzi n'kukhala chete pa mzere woyamba woimba akulankhula yekha, monga Carl Perkins amayambira "Blue Suede Shoes". Zonsezi kalupa kanazilandira bwinobwino.

Tsono vuto.

Pogula, mnyamata wa m'sitolo anandiuza kuti kamajambula mphindi zisanu. Kanalibe bokosi kapena kapepala, akuti ndi kotsala kamodzi, ndipo anandichotserako mtengo mpaka K95,000. Miyezi itatu yoyamba sindinaone kanthu chifukwa ndinkaimba zothamanga. Tsiku lina ndinafuna kuyesa "The Thrill Is Gone" ya B.B. King ya mu 1969, yomwe ndi mabala 12 omwewo koma achisoni:

```
Bm Bm Bm Bm
Em Em Bm Bm
G  F#7 Bm Bm
```

Kukoma kwake kuli pa mzere wachitatuwo. M'malo motsika kuchoka pa faifi kupita pa folo, imayambira pa G, fureti imodzi pamwamba pa F#, n'kutsetserekera pa F#7 isanabwerere kwawo. Ndinaika metironomu ya pafoni, ija yogogoda mabiti, pa mabiti 90 pa mphindi, n'kuponda. Ndili pakati pa bala la 12, kalupa kanadzitsekera kokha n'kuyambiranso. Ndinati mwina phazi lagunda batani. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Kachitatu ndinavula nsapato n'kukhala kutali nako, chimodzimodzinso.

Ndinatenga wotchi n'kupeza kuti kamadula pa masekondi 30 enieni. Ndiye werengani nane. Mabala 12 a mabiti anayi ndi mabiti 48. Pa liwiro la 120 pa mphindi, amenewo ndi masekondi 24, amalowa. Pa 90 ndi masekondi 32, ndiye mabiti atatu omaliza amadulidwa, ndendende pomwe pali potembenukira. Malire ali pa 96, chifukwa 48 kugawa ndi 96 ndi theka la mphindi. Pansi pa 96 palibe bulusi ya mabala 12 yomwe ingakwane. Yapang'onopang'ono ya pa 60, ija yoti gitala ilire bwino, imafuna masekondi 48, ndiye iwalani.

Ndinadzitonthoza kuti ine cholinga changa ndi roko, ndipo roko imathamanga. Sabata yatha m'pamene chitonthozo chimenecho chinatha. Ndinakhala pansi kuti ndiphunzire "Rock and Roll" ya Led Zeppelin ya mu 1971, yomwe ilinso mu A. Chiyambi chake cha gitala ndi mabala 12, pa liwiro la 170 chimatenga masekondi 17, chinalowa popanda vuto. Koma mavesi ake amatambasula chilichonse kawiri: A mabala 8, D mabala 4, A mabala 4, mpaka onse akwane 24. Ndi njira inanso yosinthira, ndipo ndi yanzeru, chifukwa ng'oma zimathamanga pomwe makodi akuyenda modekha, woimba n'kupeza malo otambasulira mawu. Koma mabala 24 ndi mabiti 96, pa 170 ndi masekondi pafupifupi 34. Kanadulanso. Nyimbo yothamanga chonchija, kalupa n'kukanika! Apa m'pamene pawindo panatsala pang'ono kudutsa chinthu.

Ena akuti ndizijambula theka. Sizitheka. Mabala 12 si kachidutswa ka mabala anayi kobwerezabwereza ngati nyimbo zambiri za masiku ano. Mzere uliwonse uli ndi ntchito yake, ndipo mukadula wachitatu mwatsala ndi funso lopanda yankho. Chomwe ndimachita ndi kukweza liwiro la nyimbo zodekha kufika pa 100, kuti ndizolowere pomwe makodi amasinthira, kenako ndimazimitsa kalupa n'kuimba ndekha pa liwiro lake lenileni. Zimathandiza, koma si zimene ndinalipirira.

Kusitolo ndinabwererako kawiri. Ulendo woyamba anati mwina ndi adaputa, ndipo anandigulitsa ina ya 9V pa K12,000. Palibe chinasintha. Ulendo wachiwiri ndinatenga gitala ndi wotchi, n'kuwaonetsa pamaso pawo. Mnyamata uja anaseka, akuti iye ankatanthauza kuti mukaphatikiza zonse zoika pamwamba zimakwana mphindi zisanu. Bwana wake anati miyezi yapita yambiri, sangabweze ndalama, koma ngati ndikufuna kachikulu ndisiye kanga ndiwonjezere K70,000. Za adaputa sanafune n'komwe kuzimva.

Ndiye mugule? Masiku amene ndikuimba shafulo mu A pa 120 ndimakakonda, ndipo kandichotsa chizolowezi chodya bala lachinayi chomwe aliyense ankachita manyazi kundiuza. Ndikakumbukira kuti zonse pamodzi ndataya K107,000 pa chinthu chosamaliza ngakhale bala la 12 la B.B. King, mtima umawawa. Lupa gulani, koma osati kwa anthu amenewo. Kulikonse mungapite, tengani gitala yanu, ikani metironomu pa 60, jambulani mabala onse 12 muli m'sitolo momwemo, ndipo ndalama mutulutse mutamva bala la 12 litabwerera lokha ku loyamba. Ngati mukufuna kanga, K50,000 ndikupatsani, adaputa yachiwiriyo ndiwonjezerapo ulere.